Mphaka wamkazi atsekedwe asanayambe kulirira mphongo

Usiku pakati, kuseri kwa nyumba kukumveka kulira ngati kwa khanda. Ena amayamba kupemphera poganiza za afiti, ena amathamangira tochi poopa kuti pusi wathyoka msana. Kukacha amamupeza akugubuduka pansi, akudzikhula pamiyendo ya anthu, chifuwa chili pansi, mbuyo ili m'mwamba, mchira ataukhotetsera kumbali. Sakudwala ayi. Akufuna mphongo.

Nyengo imeneyi imatenga pafupifupi sabata imodzi. Akapanda kukumana ndi mphongo amakhala phee kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka nyimbo ija imayambiranso. Chimene chimachititsa n'chakuti mphaka satulutsa mazira payekha nthawi ikakwana: kawirikawiri amatuluka pokhapokha akakweredwa, ndiye thupi limangobwereza kuitana. Kumayiko ozizira kulirako kumaleka m'miyezi imene dzuwa limalowa msanga, koma kuno, kumene usana sufupika kwenikweni, mphaka angathe kufuna mphongo mwezi uliwonse pachaka. Ndipo wodikira kuona magazi monga zimakhalira ndi galu adzadikira mpaka kalekale, chifukwa mphaka sataya magazi. Akaoneka magazi kapena mafinya kumaliseche, amenewo ndi matenda.

Titenge kamphaka kobadwa mu Januwale. Pofika Meyi kali ndi miyezi inayi, kakusewerabe ndi chitsekerero cha botolo, koma kangathe kutenga bere. Bere la mphaka limatenga masiku 63 mpaka 65, ndiye kakakweredwa kumayambiriro kwa Juni, mu Ogasiti kaswa tiana tinayi kapena tisanu. Kuyamwitsa sikuteteza: patangopita masabata ochepa kangafunenso mphongo tiana tisanaleke kuyamwa, ndipo chaka chisanathe m'katoni muja mwadzazanso. Mwini wake, yemwe ankangofuna mlonda wa makoswe m'nkhokwe, amayamba kuyenda khomo ndi khomo kusaka wopatsa ana amphaka.

Kutseka mphaka ndi opaleshoni imene dokotala wa ziweto amachita atamugoneka ndi mankhwala. Amacheka pang'ono pamimba kapena m'nthiti, n'kuchotsa timatumba ta mazira tiwiri, nthawi zambiri pamodzi ndi chiberekero. Kulira kuja kumatheratu, amphongo a m'mudzi amaleka kudzamenyana padenga, ndipo matenda a mafinya m'chiberekero, amene amapha akachedwa kuwazindikira, sapezanso malo.

Koma phindu lalikulu lili m'mawere, ndipo limadalira nthawi. Zotupa za m'mawere a mphaka, zoposa zisanu ndi zitatu mwa khumi zilizonse, zimakhala khansa yofalikira msanga. Kafukufuku wofalitsidwa ku America mu 2005 adapeza kuti mphaka wotsekedwa asanakwane miyezi isanu ndi umodzi, mwayi wake wodwala khansayi umatsika ndi 91 peresenti. Wotsekedwa chaka chisanakwane, umatsika ndi 86 peresenti. Akadutsa zaka ziwiri, chitetezo chimenechi chapita. Apa ndi pamene mawu aja akuti "ayambe waswako kamodzi kuti akhwime" amagwera m'dothi. Kuswa kamodzi sikuwonjezera kanthu pa thanzi la mphaka, kumangodya miyezi imene ikadamuteteza.

N'chifukwa chake madokotala ambiri masiku ano amalangiza kuti opaleshoni ichitike ali ndi miyezi inayi kapena isanu, asanafunepo mphongo. Kamphaka kathu ka Januwale kapite kwa dokotala mu Meyi.

Nanga amene wayamba kale kulira? Opaleshoni imatheka, kungoti misempha ya m'chiberekero imakhala itadzaza magazi, choncho madokotala ena amakonda kudikira kuti nyengoyo idutse. Podikirapo atsekeredwe m'nyumba ndithu, pakuti zenera lotsegula usiku umodzi n'lokwanira. Woyamwitsa amadikira tiana tileke kuyamwa, papite sabata ziwiri kuti mkaka uphwe. Mphaka wamkulu nayenso amatsekedwa. Wataya chitetezo cha mawere chabe, zina zonse azipeza.

Akabwerako, akhale m'nyumba pouma kwa masiku khumi mpaka khumi ndi anayi, asadumphe, asanyambite chilonda. Chikatupa kwambiri, chikayamba kuchucha kapena kutseguka, kapenanso mphaka akakana kudya tsiku lonse, abwerere naye kwa dokotala. Zakuti akatsekedwa amaleka kugwira makoswe n'zabodza, koma zakuti amakonda kunenepa n'zoona, choncho mbale yake ichepe pang'ono.

Ku Lilongwe, bungwe la LSPCA limachita opaleshoni imeneyi, ndipo kwina konse a zaziweto a paboma angaloze kumene kuli dokotala wodziwa. Pomaliza, pusi akamaoneka kuti akumva ululu, wina asam'mwetse panado chifukwa cha chisoni. Ngakhale m'bulu umodzi ungathe kumupha.