Duwa la Chitenje Likwane pa Diresi

Maluwa a chitenje amadindidwa kufakitale, choncho telala sangawakulitse kapena kuwachepetsa. Ntchito yake ndi kusankha pomwe sizasi idutse, ndipo telala wodziwa amayamba wayeza duwalo ndi tepi asanalembe ndi choko.

Tinene kuti mayi wabwera ndi chitenje cha maluwa ozungulira, lililonse masentimita 30 m'lifupi, ndipo chifuwa chake ndi masentimita 92. Kutsogolo kwa diresi kudzakhala pafupifupi masentimita 48, kotero pamakwana duwa limodzi lathunthu. Telala amapinda nsalu pakati penipeni pa duwalo kuti likhale pakati pa chifuwa. Koma mayiyo akafuna siketi ya zigawo zisanu ndi chimodzi, chigawo chilichonse chimachepera duwalo, ndipo misoko imalidula zidutswazidutswa. Apa ndi bwino kusankha sitayilo ya misoko yochepa ndi kugula nsalu yoonjezera, chifukwa kukumanitsa maluwa pamsoko kumadya nsalu.

Timaluwa ting'onoting'ono nato tili ndi vuto lake: pa diresi lalitali, munthu akaima patali amangoona mtundu umodzi. Timakhala bwino pa manja, pa kolala ndi pa zovala za ana.

Nanga duwa limatamuka bwanji? Nsalu yathonje ikadulidwa mopendeketsa, osatsata ulusi wake, imakokeka, ndipo duwa lozungulira limasanduka ngati dzira. Diresi lothina m'chiuno limakwinyikanso n'kupotoza maluwa, motero telala amasiyako masentimita angapo a mpata.