Dzina la Cithunzi Canu

Tinene kuti mmisiri wa ku Kitwe wajambula mpando umene anakhoma, nafuna kuti ogula aupeze pa Google. Foni yake ipatsa cithunzico dzina lakuti IMG_0412.jpg, losanena kanthu. Asanaciike pa intaneti, alisinthe likhale mpando-wa-mukwa-kitwe.jpg. Mau awalekanitse ndi kamzere kapakati (-), pakuti kamzere kapansi (_) Google ikayesa columikiza mau.

Koma dzina lokha lithandiza pang'ono cabe. Pansi pa cithunzi alembe kuti, "Mpando wa mukwa wokhomedwa ku Kitwe." M'kabokosi ka alt text afotokoze cithunzico monga wouza munthu wosaona. Akangounjikamo "mpando, mipando, mipando yabwino," Google ingaciyese cinyengo.