Fomu ya Kuchipatala Isamapanikize Cholembera

Pawindo la chipatala, kalaliki amalemba mothamanga, mzere uli mpaka panja. Fomu ikakhala yothinana, dzina limadukira panjira, ndipo mwezi wamawa fayilo ya wodwalayo siipezeka.

Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi. Mukasiya malo oboolera kumanzere ndi mphepete kumanja, mumatsala ndi pafupifupi 180. Dzina lipatseni mzere wonsewo, chifukwa mayina ngati Chimwemwe Nkhonjera salowa m'kabokosi. Mizere italikirane mamilimita 8 kapena 10, apo ayi michira ya zilembo imakolana ndi za m'munsi.

Zinthu zapachibale zikhale pamodzi. Pamwamba pakhale za munthuyo: dzina, tsiku lobadwa, mwamuna kapena mkazi. Kenako kumene akukhala, ndipo apa ndi pamene mafomu ambiri okopera kunja amalakwitsa. Amafunsa nambala ya nyumba ndi msewu, pamene wazaumoyo wolondola mwana amene sanabwerenso kudzabayitsa katemera amafuna mudzi, mfumu yaikulu, boma, ndi chizindikiro monga mjigo kapena tchalitchi chapafupi.

Tsiku lobadwa likhale ndi mabokosi atatu olembedwa pansi pake kuti tsiku, mwezi, chaka, kuti 03/04 isasokoneze. Pambali pake siyani malo a zaka zongoyerekeza, pakuti agogo ambiri tsikulo salidziwa. Za ogwira ntchito okha zikhale pansi, zotchingidwa ndi mzere wokhuthala.

Musanasindikize ambiri, perekani fomu imodzi kwa kalaliki ailembe ndi bolopeni. Paliponse pamene zilembo zake zachepa kapena zakhotera m'mphepete, kulitsani malowo.