Anthu khumi ndi awiri, mapadi awiri

Makina a gemu ambiri amagulitsidwa ndi padi imodzi, ndipo eni nyumba ambiri amangowonjezera yachiwiri basi. Masiku onse zimakwana. Vuto limabwera tsiku la phwando, pabalaza patadzaza asuweni, anzawo a ana ndi alamu, onse maso ali pa kanema. Apa anthu ambiri amafunsa kuti gemu yabwino ndi iti, koma funso lothandiza ndi lina: munthu akapereka padi kwa mnzake, adikira mphindi zingati kuti aigwirenso? Ikapitirira mphindi khumi, mudzaona anthu ayamba kutulutsa mafoni, ena atulukira panja.

Tiyeni tiwerenge ndi gemu ya mpira yomwe ambiri amaidziwa, FIFA, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC. Chigawo chimodzi chikakhala cha mphindi 6, masewero onse ndi mphindi 12, ndipo mukaphatikiza kusankha matimu, kusintha osewera ndi kuonetsanso zigoli, mwatha mphindi pafupifupi 15. Tsono muli anthu 12 ndipo mwagwirizana lamulo lodziwika lija, lakuti wopambana akhale, wogonja adzuke. Awiri ayamba, khumi ali pamzere. Womaliza pamzerewo adzadikira masewero 10, kutanthauza mphindi 150, maola awiri ndi theka asanakhudzeko batani. Ndipo ngati pali katswiri mmodzi amene amasewera tsiku ndi tsiku, padi imodzi yakhala yake usiku wonse. Anthu 11 otsalawo akulimbirana imodzi.

Mpikisano wa ndime yachipulula umaoneka ngati wachilungamo, koma masamu ake sasiyana kwenikweni. Kuti mwa anthu 12 patsale mmodzi, pafunika masewero 11, pafupifupi maola atatu. Amene wagonja m'masewero oyamba wasewera mphindi 15, kwatsalako ndi kuonerera. Kawirikawiri ameneyu amakhala mlendo kapena mwana wosazolowera, munthu yemwe phwando limayenera kumusamala koposa.

Njira yomwe ndimaiona ikugwira ntchito ndi yosiya kuona padi ngati ya munthu mmodzi. Ikhale ya timu. Gawani anthu 12 aja m'magulu awiri a anthu 6, gulu lililonse ndi padi yake, ndipo aliyense adziwe amene akumutsatira. Wina aike wotchi ya pafoni kuti izilira pakatha mphindi 2 zilizonse. Ikalira, padi isasinthe manja pomwepo. Dikirani mpira utuluke kunja, pachitike faulo kapena chigoli, chifukwa kulanda munthu padi ali pafupi ndi golo ndi kuyambitsa ndewu. Motero m'masewero amodzi okha aliyense wasewerako, ndipo palibe wodikira kupyola mphindi khumi kapena kuposerapo pang'ono. Chosangalatsa n'chakuti odikirawo sakhala chete, poti chigoli chimene mnzawo walowetsedwa ndi chawo chomwe. Akatswiri muwagawe, wina uku wina uko, ndipo pamndandanda muwaike malo ofanana kuti azikumana okhaokha. Mukapanda kutero, mphindi 2 za katswiri ndi wongophunzira zitha kubala zigoli zitatu, gemu n'kuthera pomwepo.

Magemu omenyana monga Tekken ndi Mortal Kombat savuta chotere, chifukwa ndime zake n'zazifupi. Mu Tekken ndime imodzi nthawi zambiri imaikidwa pa masekondi 60, ndipo awiri amathana m'mphindi zochepa. Apa lamulo la wopambana akhale lingagwire, bola liikiridwe malire: wapambana kawiri motsatizana, adzuke naye.

Nanga padi ikakhala imodzi yokha? Pali magemu amene anapangidwira zimenezi. Wodziwika ndi Keep Talking and Nobody Explodes, yomwe inatuluka mu 2015 kuchokera ku kampani yaing'ono ya ku Canada, Steel Crate Games. Munthu mmodzi agwira padi ndipo akuona bomba pa kanema. Ena onse saloledwa kuyang'ana kanemayo. Iwo ali ndi buku la malangizo, lomwe limapezeka pa bombmanual.com ndipo mutha kulisindikiza pa mapepala kapena kuliwerenga pafoni. Woona bomba alibe malangizo, a malangizo saona bomba. Bomba loyamba limapereka mphindi 5, ndipo mukalakwitsa katatu laphulika.

Taonani mmene gawo limodzi limayendera. Pa bomba pamakhala kabokosi ka mawaya, kuyambira atatu mpaka asanu ndi limodzi. Wogwira padi amanena chiwerengero cha mawaya ndi mitundu yake kuchokera pamwamba kutsika. Wa pepala amapeza ndime ya chiwerengerocho n'kutsata malamulo mwa ndondomeko yake. Mwachitsanzo, mawaya akakhala atatu ndipo palibe wofiira, wodula ndi wachiwiri. Malamulo ena amafuna kudziwa ngati nambala yomaliza ya siriyo ya bombalo ndi yogawika ndi 2 kapena ayi, ndiye wogwira padi ayenera kulitembenuza kuti aiwerenge. Pa gulu lalikulu, gawani masamba: awiri atenge za mawaya, awiri za batani lalikulu, ena za zizindikiro. Cholakwika chimene chimachitika pafupifupi nthawi zonse n'chakuti onse amafuula pamodzi, wogwira padi n'kudula waya womwe wamva kuchokera kwa waphokoso kwambiri. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi: wogwira padi ndiye amatchula gawo limene akuliona, ndipo amayankha ndi eni tsambalo okha. Malangizowo mutha kuwawerenga m'Chingerezi koma n'kumakambirana m'Chichewa, ndipo mayina amene anthu amapeka pofotokoza zizindikiro zachilendozo ndiwo amaseketsa kuposa bomba lenilenilo. Agogo amene sanagwirepo padi atha kukhala mwini tsamba la mawaya.

Amene adakali ndi makina akale a Nintendo Wii angafunefune WarioWare: Smooth Moves ya mu 2006. Ili ndi gawo lolola anthu mpaka 12 kupatsirana rimoti imodzi, ndipo timasewero take timatenga masekondi owerengeka. Vuto la kudikira kulibe. Chomwe chilipo ndi kuopa kuti rimoti ingapulumuke m'manja pothamangira kupatsirana.

Mudzamvanso ena akutama The Jackbox Party Pack, mndandanda womwe unayamba mu 2014. Mmenemo padi imangoyambitsa gemu. Aliyense amalowa pa jackbox.tv ndi foni yake, n'kulemba zilembo zinayi zimene zaoneka pa kanema. Magemu ake ambiri, monga Quiplash, amalola osewera mpaka 8, otsala n'kumavota ngati oonerera. Ganizo lake n'labwino, koma pamafunika intaneti pa makinawo ndi pa foni iliyonse, ndipo netiweki ikagwa pakati pa gemu munthu amatayika. Komanso mafunso ambiri ndi a Chingerezi ndi nthabwala za ku America. Pa gulu la ophunzira a sukulu zaukachenjede zimayenda. Pa phwando la pabanja, Drawful, yomwe ndi yojambula, imavuta pang'ono poyerekeza ndi zinzake.

Chinthu chomaliza n'cha batire. Padi yopanda waya imene ikudutsa m'manja 12 sipuma, choncho ichajidwe alendo asanafike, ndipo chingwe chake chikhale pafupi. Ikazima muli ndi ziwiri, musaimitse phwando: tembenukirani ku gemu ya padi imodzi pamene inayo ikuchaja.