Kuchonga masilaidi mwiniwake palibe

Kumapeto kwa semesita pamakhala ophunzira ena amene sindiwaona ataima kutsogolo kwa kalasi. Mwina nthawi yatha, mwina tsiku lawolo magetsi anazima, ndiye amangonditumizira masilaidi a PowerPoint kuti ndichonge. Ambiri amayesa kuti pamenepo ndimangoyang'ana ngati akongola. Ayi ndithu. Pambali panga pamakhala rubuliki, pepala losonyeza kagawidwe ka malikisi, lomwe wophunzirayo anapatsidwanso asanayambe ntchito.

Rubuliki yanga ili ndi malikisi 25: cholinga 4, umboni 6, kasanjidwe ka mfundo 5, maonekedwe 5 ndi kalankhulidwe 5. Gawo lomalizali ndimalisiya losalemba, n'kuchonga pa 20 basi. Munthu sindinamumve, ndingadziwe bwanji kuti mawu ake amamveka mpaka kumbuyo? Kumupatsa 3 pa 5 mongoyerekeza n'kunama, ngakhale bodzalo litamukomera.

Mtsikana wina ananditumizira masilaidi 12 onena za kagwiritsidwe ntchito ka makala m'dera la kwawo. Ndinayamba monga ndimayambira nthawi zonse: kuwerenga mitu yokhayokha, kuchoka pa silaidi 1 mpaka 12, osawerenga za m'munsi. Ngati mfundo zasanjidwa bwino, mitu yokha imafotokoza nkhani yonse. Yake inayamba bwino, pakuti silaidi 2 inafunsa funso limodzi lomveka: n'chifukwa chiyani mabanja amene ali ndi magetsi m'nyumba akuphikirabe pambaula? Pacholinga ndinamupatsa 4 yonse. Koma masilaidi 6, 7 ndi 8 onse mutu wake unali "Zotsatira". Zotsatira zotani? Mutu woti "Mabanja ambiri akuti makala amagulika pang'onopang'ono" ukananditsogolera. Ndiponso silaidi 11 inalangiza kubzala mitengo, pamene funso lija linali la magetsi. Pakasanjidwe anapeza 3.

Ndinachedwa kwambiri pa silaidi 7. Panali galafu yooneka bwino, pamwamba pake palembedwa kuti mabanja 70 pa 100 alionse amaphikira makala. Koma sipanalembedwe kuti anafunsa mabanja angati, liti, kapena ngati nambalayo anaitenga m'buku. Mabanja 7 mwa 10 ndi mabanja 140 mwa 200 onse amapereka 70 pa 100, koma kulemera kwa umboni wake n'kosiyana kutalitali. Mtsikanayu ndimamudziwa, ndi wakhama, ndipo mtima unkandiuza kuti akanaima kutsogolo akanafotokoza zonsezi pakamwa. Apa ndi pomwe wochonga amagwera m'mbuna. Ukayamba kumulankhulira wophunzira m'mutu mwako, wayamba kuchonga nzeru zako, ndipo amene umamudziwa amapindula kuposa amene amakhala phee kumbuyo kwa kalasi. Rubuliki imati malikisi 5 kapena 6 ndi a umboni umene gwero lake laonetsedwa. Gwero silinaoneke, choncho ndinalemba 3.

Koma ndivomere kuti njira imeneyi ili ndi vuto lake. Silaidi yabwino polankhula imakhala ndi mawu ochepa, popeza zambiri amanena ndi mwiniwake. Ukaiwerenga yokha imaoneka ngati yopanda kanthu, pomwe ya munthu amene wathira ndime yonse m'zilembo za saizi 12 imaoneka ngati yakupsa. Wochonga wosasamala amapereka mphoto kwa wodzazayo, chonsecho pa pulojekita palibe angawerenge zimenezo. Ine sindichotsera munthu malikisi chifukwa cha kuchepa kwa mawu. Ndimachotsa pakasowa chinthu chimene chiyenera kukhala pasilaidi ngakhale wolankhula alipo, monga gwero la nambala kapena mawu osonyeza chimene mbali iliyonse ya galafu ikuyeza. Pamaonekedwe mtsikanayu anapeza 4. Imodzi inapita chifukwa cha zilembo zachikasu pamalo oyera pa silaidi 9.

Zonse pamodzi zinakwana 14 pa 20, koma nambala yokhayo siphunzitsa munthu. Kale ndinkalemba kuti "onjezerani umboni", ndipo ophunzira ankangoonjezera masilaidi. Masiku ano ndemanga iliyonse imatchula nambala ya silaidi, gawo la rubuliki ndi choti achite. Sindilembanso kuti "simunafufuze", chifukwa zimenezo sindinazione. Kwa iye ndinalemba kuti: "Silaidi 7, umboni: pasilaidi sipakuoneka kuti munafunsa mabanja angati. Lembani nambalayo ndi mwezi umene munafunsa m'munsi mwa galafu."

Patapita masiku awiri anabwera ku ofesi atanyamula kope lake lofufuzira.

"Aphunzitsi, ndinafunsatu mabanja 40. Ndimati ndidzanena pakamwa."

Ndinaona m'kopemo, analidi 40, ndipo 28 mwa iwo ndiwo ankaphikira makala. Malikisi sindinasinthe. Anatsegula laputopu yake pomwepo n'kulemba nambalayo m'munsi mwa galafu.