Avereji ndi Kumwazikana kwa Miyezo Yojambulidwa pa Foni

Chinthu chimodzi chikayezedwa kangapo, manambala satuluka ofanana. N'chifukwa chake oyeza amafuna zinthu ziwiri: avereji, yomwe imaimira miyezo yonse, ndi sitandadi diviyeshoni, yomwe imasonyeza mmene miyezoyo yamwazikira. Miyezo ikakhala yolembedwa pamanja m'kope, n'kujambulidwa pa foni, ntchito imayambira pa kuwerenga bwino chithunzicho.

Mwachitsanzo, ophunzira amangirira kamwala kuchingwe cha masentimita 50, n'kuyeza nthawi imene kamatenga kuti kapite ndi kubwerera maulendo 10. Abwereza kasanu, ndipo pachithunzi pakuoneka masekondi awa: 14.1, 14.3, 14.2, 14.0 ndi 14.4.

Wokopera amayamba waona mutu wa ndandanda, kuti adziwe ngati ndi masekondi a maulendo 10 kapena a ulendo umodzi. Kenako amawerenga mizere, kutsimikiza kuti chithunzi sichinadule mzere wapansi. Nambala yokhwatchidwa saitenga. Zilembo zosokoneza kwambiri ndi 1 ndi 7, komanso 0 ndi 6, ndipo kadontho kamatha kubisika mumthunzi wa dzanja la wojambula, 14.2 n'kuoneka ngati 142.

Avereji imapezeka pophatikiza miyezo yonse n'kugawa ndi kuchuluka kwake. Pano zonse pamodzi ndi 71.0, ndipo zikagawidwa ndi 5 zimapereka masekondi 14.2.

Pofuna sitandadi diviyeshoni, avereji imachotsedwa pa muyezo uliwonse, ndipo pamatsala −0.1, 0.1, 0, −0.2 ndi 0.2. Zotsalazi zikaphatikizidwa ziyenera kupereka 0, apo ayi penapake palakwika. Chotsala chilichonse chimachulukitsidwa ndi chokha kuti pasakhale nambala yochotsera, ndipo zimakhala 0.01, 0.01, 0, 0.04 ndi 0.04, zomwe pamodzi ndi 0.10. Nambalayi imagawidwa ndi 4, osati 5, popeza avereji yachokera m'miyezo yomweyi: zotsala zinayi zikadziwika, chachisanu chimadziwikiratu. Zimapereka 0.025, ndipo sikweya ruti yake ndi masekondi pafupifupi 0.16.

Mu Excel, miyezo ikalembedwa kuyambira A1 mpaka A5, malamulo ake ndi awa:

```
=AVERAGE(A1:A5)
=STDEV.S(A1:A5)
```

Lamulo lina, `STDEV.P`, limagawa ndi 5 n'kupereka 0.14, koma limagwira ntchito pamene gulu lonse lawerengedwa, osati pamiyezo yochepa yobwerezabwereza.

Kukopera molakwa kumaonekera kwambiri pa kumwazikana. Wina akawerenga 14.1 ngati 14.7, avereji imangosuntha pang'ono kufika 14.32, koma sitandadi diviyeshoni imakwera kufika 0.26. Choncho muyezo umodzi ukatalikirana ndi anzake, wowerengera amakulitsa chithunzi n'kuyerekeza chilembocho ndi ma 1 ndi ma 7 ena a dzanja lomwelo. Chikapanda kuonekabe, amafunsa mwini kope. Nambala yooneka bwino sitayidwa chifukwa chongosiyana ndi zinzake.