Mafuta akakwera, mtengo wa minibasi umakhazikika liti?

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, bungwe la MERA linalengeza mitengo yatsopano ya mafuta a galimoto. Lita ya petulo inachoka pa K1,746 kufika pa K2,530, ndipo ya dizilo inachoka pa K1,920 kufika pa K2,734. M'madepoti, makondakitala sanachedwe kutchula mitengo ina. Koma mtengo umene wokwera amamva mawa lake si mapeto a nkhani. Eni minibasi ena amayamba ayang'ana zimene anzawo achita, ena amakweza pang'ono kuopa kuthawitsa anthu, ena amakweza kwambiri kenako n'kutsitsa ataona kuti mipando ikuyenda yopanda anthu.

Pamenepa pali mafunso atatu osiyana. Kodi mtengo wokwerera umakwera ndi zingati mwezi womwewo? Kodi udzakhala utakwera ndi zingati zinthu zikadzakhazikika? Nanga zimatenga miyezi ingati kuchoka poyambapo kufika pomalizirapo? Akatswiri a zachuma ali ndi njira yowerengera yotchedwa ARDL, imene imayankha mafunso atatuwa nthawi imodzi.

Mfundo ziwiri zimene njirayi yatsamirapo

Mfundo yoyamba ndi yakuti mtengo wa mwezi uno umachokera pa mtengo wa mwezi watha. Mwini minibasi sadzuka m'mawa n'kuwerengetsa zonse kuyambira pachiyambi. Amayambira pa mtengo umene anthu auzolowera, n'kuusuntha. Mfundo yachiwiri ndi yakuti kukwera kwa mafuta sikugwira ntchito yake yonse tsiku limodzi. Gawo lina limalowa mu mtengo wokwerera mwezi womwewo, gawo lina mwezi wotsatira, pamene mwini galimoto waona bwinobwino kuti ndalama imene dalaivala akubweretsa madzulo yachepa.

Wofufuza amatenga manambala a mwezi ndi mwezi a zaka zingapo: mtengo wa mafuta umene MERA imalengeza, ndi mtengo wapakati wokwerera m'misewu yosiyanasiyana. Ofesi yowerengera anthu ndi zinthu ya NSO ku Zomba imasonkhanitsa mitengo ya zamayendedwe powerengera kukwera kwa mitengo ya zinthu. Manambalawa amawasintha kaye kuti zotsatira zake ziziwerengedwa m'maperesenti, kenako kompyuta imafufuza kuti mfundo iliyonse ili ndi kulemera kotani.

Chitsanzo chowerengedwa mpaka kumapeto

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, kuti tione mmene masamuwo amayendera. Tinene kuti kompyuta yatulutsa izi, pomwe F ndi mtengo wokwerera, P ndi mtengo wa mafuta, t ndi mwezi uno, ndipo t-1 ndi mwezi watha:

```
F(t) = a + 0.6 F(t-1) + 0.15 P(t) + 0.05 P(t-1)
```

Tinenenso kuti ulendo wina unali K2,000, ndipo mafuta akwera ndi 20 peresenti n'kukhala pomwepo. Mwezi woyamba, nambala imene ikugwira ntchito ndi 0.15 yokha. Tikaichulukitsa ndi 20 tikupeza 3 peresenti, ndiye kuti ulendo wafika pa K2,060. Ili ndilo yankho la nthawi yochepa. Munthu woyang'ana mwezi umenewu wokha anganene kuti mafuta sakhudza kwenikweni mtengo wa minibasi.

Mwezi wachiwiri zinthu zasintha. Mafuta a mwezi uno ndi a mwezi watha onse ndi okwera, choncho 0.15 ndi 0.05 zikugwira ntchito limodzi, ndipo zikupereka 4 peresenti. Pamwamba pake, 3 peresenti ya mwezi watha ija yasiya mbali yake: 0.6 kuchulukitsa ndi 3 ndi 1.8. Zonse pamodzi ndi 5.8 peresenti, ndipo ulendo uli pa K2,116. Tikapitiriza chimodzimodzi, mwezi wachitatu ulendo ukufika pafupifupi K2,150, ndipo wachinayi pafupifupi K2,170. Mafuta sanakwerenso, koma mtengo wokwerera ukukwerabe, ngakhale kuti mwezi uliwonse ukuwonjezera zocheperapo.

Kumene ukupita tingakudziwe popanda kuwerenga miyezi yonse. Timaphatikiza manambala awiri a mafuta, n'kugawa ndi chimene chimatsala tikachotsa 0.6 pa 1:

```
(0.15 + 0.05) / (1 - 0.6) = 0.5
```

Ili ndilo yankho la nthawi yaitali: mafuta akakwera ndi 20 peresenti, mtengo wokwerera udzakhazikika utakwera ndi theka lake, 10 peresenti, pa K2,200. Yankho limeneli ndi lomveka, chifukwa mafuta ndi gawo chabe la zimene minibasi imadya. Palinso matayala, zitsulo, malipiro a dalaivala ndi kondakitala, inshuwalansi ndi ziphaso za pamsewu.

Yankho lachitatu ndi liwiro. Mwezi woyamba kunatsala K140 kuti tifike pa K2,200. Wachiwiri kunatsala K84, wachitatu K50, wachinayi K30. Mwezi uliwonse ukudya 40 peresenti ya mpata wotsala. Mu lipoti la kafukufuku nambalayi imalembedwa kuti -0.4, ndipo iyenera kukhala yochotsera, kusonyeza kuti mtengo ukubwerera kumene uyenera kukhala. Ikakhala pafupi ndi ziro, kukhazikika kumatenga nthawi yaitali kwambiri. Ikakhala pafupi ndi -1, zonse zimatha pafupifupi mwezi umodzi. Njirayi imaonetsanso zinthu zikayenda motembenuka. Ngati eni minibasi amakweza mopitirira tsiku loyamba kenako n'kumatsitsa chifukwa anthu ayamba kuyenda pansi kapena kukwera kabaza, yankho la nthawi yochepa lidzaposa la nthawi yaitali.

Kodi mitengo iwiriyi ndi yomangidwa pamodzi?

Pali msampha umene wofufuza aliyense ayenera kuupewa. M'dziko limene mitengo imakwera chaka ndi chaka, zinthu ziwiri zilizonse zimaoneka ngati zikuyendera limodzi, ngakhale zitakhala kuti sizikhudzana. Mu 1974, Clive Granger ndi Paul Newbold anasonyeza kuti manambala oterewa amatulutsa zotsatira zooneka zamphamvu koma zopanda tanthauzo. Choncho tisanakhulupirire 0.5 uja, tiyenera kudziwa ngati pali chimene chimakokera mtengo wokwerera ku mtengo wa mafuta. Mbuzi imene munthu akupita nayo kumsika imatha kutsalira kapena kuthamangira kutsogolo, koma chingwe chimaibweza. Mbuzi ya wina imene ikungodutsa njira yomweyo ingayende nanu mtunda wautali, koma palibe choibweza ikapatuka.

Mu 2001, Hashem Pesaran, Yongcheol Shin ndi Richard Smith anafalitsa njira yoyezera ngati chingwe chimenechi chilipo. Kompyuta imatulutsa nambala imodzi yoyezera, ndipo wofufuza amaiyerekeza ndi malire awiri, apansi ndi apamwamba. Pa muyezo wofala, pamene tikufotokoza mtengo wokwerera ndi chinthu chimodzi chokha, malirewo ndi 4.94 ndi 5.73. Nambala ikapitirira malire apamwamba, pali umboni wakuti ubale wa nthawi yaitali ulipo. Ikakhala pansi pa malire apansi, umboniwo palibe, ndipo wofufuza ayenera kungonena za nthawi yochepa. Ikagwera pakati, funso silinayankhidwe, ndipo lipoti loona mtima limanena choncho.

Njirayi imakondedwa chifukwa imalola kusakaniza manambala amene amangokwerabe ndi amene amazungulira malo amodzi. Koma ili ndi malire ake. Ngati ngakhale kusintha kwa mwezi ndi mwezi kukungokulirakulira osakhazikika, malire aja sagwiranso ntchito, choncho manambala amayezedwa kaye asanalowe.

Pamene manambala amasocheretsa

Vuto loyamba ndi kwacha. Mu Meyi 2012, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, kwacha inachepa mphamvu kwambiri. Ikatero, si mafuta okha amene amakwera: matayala, mabatire ndi zitsulo zonse zochokera kunja zimakwera nthawi yomweyo. Wofufuza akaika mafuta okha m'masamu ake, mafuta amasenza mlandu wa zonsezi, ndipo yankho la nthawi yaitali limatupa. Chizindikiro chake ndi nambala yoyandikira 1 kapena kupitirira, ngati kuti minibasi imadya mafuta okha. Mankhwala ake ndi kuikamo mphamvu ya kwacha ngati chinthu chachiwiri, kenako n'kuona ngati nambala ya mafuta yatsika.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mtengo wolengezedwa si nthawi zonse umene dalaivala amalipira. Pa nthawi imene mafuta ankasowa, monga mu 2011 ndi mu 2022, galimoto zinkagona pamizere, ndipo ambiri ankagula mafuta a m'zigubu pa mtengo wokwera. Mtengo wokwerera unkakwera pamene mtengo wa MERA unali malo amodzi. Kompyuta ikaona zimenezi imachepetsa mphamvu ya mafuta, chifukwa ikuona mtengo wokwerera ukusuntha pawokha. Mu 2020 nakonso, malamulo a nthawi ya mliri wa korona anachepetsa chiwerengero cha okwera m'minibasi, ndipo mitengo inakwera pa chifukwa chosakhudza mafuta. Miyezi yotereyi iyenera kuikidwa chizindikiro chakechake m'masamu. Ikaiwalika, zolakwa za masamuwo zimaunjikana mbali imodzi kwa miyezi yotsatizana, ndipo wofufuza wosamala amazigwira poyeza zotsalira.

Vuto lachitatu okwera amalidziwa kale: mafuta akakwera mtengo umalumpha, koma akatsika umazengereza. Masamu tawaona aja amaganiza kuti kukwera ndi kutsika zili ndi mphamvu yofanana. Mu 2014, Shin ndi anzake awiri, Byungchul Yu ndi Matthew Greenwood-Nimmo, anakonza njira yogawa mtengo wa mafuta pawiri, kukwera pakokha ndi kutsika pakokha, kuti chilichonse chikhale ndi yankho lake. Ngati yankho la kukwera lili 0.5 ndipo la kutsika lili 0.1, ndiye kuti mafuta akakwera n'kubwerera pakale, wokwera amatsala akulipira zambiri. Koma kuti yankho la kutsika likhale lodalirika, pamafunika miyezi yokwanira imene mafuta anatsikadi, ndipo kwathu kuno miyezi yotere ndi yochepa.

Choncho lipoti likanena kuti mafuta amakweza mtengo wa minibasi ndi maperesenti akutiakuti, wowerenga afunse ngati nambalayo ndi ya mwezi woyamba kapena ya kumapeto, ngati kwacha inawerengedwamo, ndiponso ngati miyezi ya kusowa kwa mafuta inapatulidwa. Bwana amene akukonza ndalama ya thiransipoti ya antchito ake akatsatira nambala ya mwezi woyamba, mu chitsanzo chathu adzawonjezera K60 pa ulendo umene udzafuna K200, ndipo K140 yotsalayo idzachoka m'thumba la wantchito.